Mawu a Chifalansa ofunira mafuno abwino banja lokwanitsa zaka 10

"Anzanga apamtima, banja la ku Lubumbashi, akwanitsa zaka 10 ali m'banja Loweruka likudzali. Ndikufuna ndiwalembere kadi ndi mawu apakeke m'Chifalansa. Kodi Joyeux anniversaire ndi yokwanira? Nanga ndiwonjezere chiyani?"

Ayi achemwali, ayi, ndipo ngati mwatumiza kale mawuwo kwa wokonza keke muimbireni foni panopa asanayambe kulemba. Joyeux anniversaire payokha m'Chifalansa ndi mawu a tsiku lobadwa. Aliyense wolankhula chilankhulochi akawaona amaganiza za munthu mmodzi, makandulo ndi nyimbo ija. Liwu lakuti anniversaire limangotanthauza tsiku limene limabweranso chaka ndi chaka, koma likaima lokha, tsiku limene anthu amamva ndi lobadwa. Kuti likhale la ukwati pafunika mchira wake:

Joyeux anniversaire de mariage

Mariage ali ndi r mmodzi. Anniversaire ali ndi n awiri. Ndatchula dala chifukwa dzanja lozolowera Chingerezi limaika r wachiwiri lokha musanaganize n'komwe, ndipo foni ikakhala pa Chingerezi nayo imakusinthirani mwakachetechete.

Tsono anthu okonza makeke ndi osindikiza makadi enawa, ndisawatchule, amapsetsa mtima. Mumatumiza mawu athunthu, iye n'kuona kuti ndi aatali pa keke yake, n'kudula de mariage osakufunsani, poti kwa iye liwu lakuti anniversaire likufanana ndi la Chingerezi ndiye kuti zakwana. Keke imafika ili m'bokosi lomata, palibe amene amatsegula, imakatsegulidwa patebulo alendo atazungulira mafoni ali m'mwamba. Pamakhala kachete kaja kamasekondi awiri. Bambo amayang'ana mayi, mayi amayang'ana bambo, wina wachibwana kumbuyo n'kufunsa kuti wabadwa lero ndani, ana n'kuyambitsa nyimbo ya tsiku lobadwa akuwomba m'manja. Eni ake amaseka ndithu, amathokoza, koma chithunzi chija chimazungulira abale onse mpaka ku Lubumbashi, ndipo dzina lolembedwa pa kadi ndi lanu, osati la wokonza keke. Mukamubwerera amakuuzani kuti malo anachepa. Malo anachepa bwanji osanena dzulo? Ndalama yonse analandira koma mawu anapereka theka.

Choncho muuzeni akutumizireni chithunzi cha keke asanaitseke m'bokosi, ndipo ndalama yotsala mupereke mutaona. Ngati malo ndi ochepadi, musadule chiganizo, sankhani china chachifupi chomwe n'chathunthu pachokha:

10 ans de mariage

kapena 10 ans d'amour, kutanthauza zaka 10 za chikondi. Zonse ziwiri zimakwana bwino pa keke yaing'ono yozungulira, ndipo mulibe timizere tapamwamba pa zilembo timene timasokoneza anthu olemba ndi kirimu.

Za kadi tsopano. Musatenge mawu a makadi a tsiku la ukwati. Vive les mariés, Félicitations aux jeunes mariés, ngakhale Heureux ménage amene amamveka kwambiri kumaukwati a anthu olankhula Chifalansa muno mu Africa, onsewa ndi a anthu amene akuchoka kumene kutchalitchi. Jeunes mariés ndi akwati atsopano. Kuwalembera zimenezo anthu amene akhala limodzi zaka 10 zili ngati kulangiza ntchembere kalelidwe ka mwana. Félicitations payokha mukhoza kugwiritsa ntchito, ili ndi s kumapeto nthawi zonse, koma muipatse chifukwa chake: Félicitations pour vos dix ans de mariage.

Pamene ambiri amagwa ndi pa tu ndi vous. Munaphunzira kuti tu ndi wa mnzako ndipo vous ndi waulemu, ndiye poti awa ndi anzanu apamtima mtima ukukuuzani kuti mulembe tu. Musatero. Vous amagwira ntchito ziwiri monga "inu" wathuyu: ulemu kwa munthu mmodzi, komanso anthu oposa mmodzi. Kadi yopita kwa anthu awiri imatenga vous ngakhale mumadyera mbale imodzi. Ndipo mukayamba ndi vous, zonse zimutsatire mpaka pansi. Chinthu chimodzi chawo ndi votre, monga votre amour, votre foyer. Zambiri ndi vos, monga vos enfants. Kadi yoyamba ndi vous n'kudzatulukira ton amour pakati imamveka ngati mwatembenuka n'kuyamba kunong'oneza mmodzi wa iwo mnzake ali pomwepo. Pa kadi ya banja, chimenecho si cholakwa chaching'ono.

Tu amabwera ngati mukutumiza uthenga pafoni ya mayi yekha. Pamenepo mulembe Joyeux anniversaire de mariage à toi et à ton mari. Kwa bambo yekha, mathero ake ndi à toi et à ta femme.

Nayi kadi yonse ya zaka 10, yochokera kwa inu nokha:

Chers amis,
Dix ans déjà ! Joyeux anniversaire de mariage à vous deux.
Votre porte a toujours été ouverte pour moi, et je ne l'oublie pas.
Que Dieu bénisse votre foyer et vous donne encore de longues années ensemble.
Je vous embrasse très fort.

Chers amis ndi "okondedwa anzanga". Pakakhala mwamuna ndi mkazi limodzi Chifalansa chimatenga mawu a chimuna, choncho si Chères amies, amene ndi a akazi okhaokha. Dix ans déjà ndi kudabwa kwa munthu amene anaona ukwatiwo ukuyamba, monga mmene timanenera kuti "zaka 10 zakwana kale?" Mzere wachitatu ukuti khomo lanu lakhala lotseguka kwa ine nthawi zonse ndipo sindiiwala. Umenewo ndiye mtima wa kadiyo, ndipo muusinthe ngati si zoona kwa inu. Wachinayi ndi dalitso: Mulungu adalitse banja lanu, akupatseni zaka zina zambiri muli limodzi. Foyer kwenikweni ndi pamoto, pamafuwa, ndipo ndi liwu limene amatchulira banja monga khomo la anthu. Ndi lofunda kuposa maison, imene ndi nyumba ya njerwa chabe. Onetsetsani kuti mwalemba bénisse osati bénit. Chiganizo chofunira munthu zabwino choyamba ndi Que chimasintha mneni, monga ife timati "adalitse" osati "amadalitsa". Ngati anzanuwo si opemphera, ikani Que votre amour dure toujours, chikondi chanu chikhalitse.

Mwaona kuti pamwamba pali ans koma pansi pali années, zonse ndi zaka. Ans amatsatira nambala: dix ans. Années amabwera mukamafotokoza mmene zakazo zilili, zazitali kapena zokoma: de longues années, de belles années. De longs ans palibe amene amalemba pa kadi.

Mzere womaliza uja musauputenso, chonde. Je vous embrasse ndi mmene mabwenzi amatsekera kalata, ndi kukumbatira ndi kupsompsona patsaya kwa pachibale. Ngozi imabwera munthu akatsegula dikishonale kufuna liwu la kupsompsona n'kupeza baiser. Monga dzina, un baiser, lilibe vuto. Koma monga mneni, m'Chifalansa cha lero ndi liwu lotukwana la zakuchipinda. Je vous baise pa kadi ya banja la eni ake ndi tsoka loposa la keke lija, chifukwa kadi amasunga m'kabati zaka ndi zaka. Mukafuna zopepuka lembani Gros bisous kapena Grosses bises, basi. Chimodzimodzi Je suis excitée pour vous, musalembe, kwa ambiri limapendekera komweko. Kusangalala nawo ndi Je suis heureuse pour vous poti ndinu mayi. Abambo amene mukopere, lanu ndi heureux. Ngati kadi ikuchokera kwa inu ndi akunyumba kwanu, je asanduke nous: pour nous, nous ne l'oublions pas, Nous vous embrassons très fort.

Pali china chimene chimakometsa kadi, mayina a zaka za ukwati, amene amayamba ndi noces de. Zaka 10 ndi noces d'étain, dzina la chitsulo chofewa choyererako, ndiye mukhoza kulemba Joyeuses noces d'étain. Onani kuti pano ndi Joyeuses, poti noces ndi liwu la chikazi komanso lochulukitsa. Kungoti musatenge mndandanda wa Chingerezi n'kuumasulira, sizifanana. Kwa Angerezi chaka choyamba ndi pepala, ku France ndi thonje, noces de coton. Zaka 40 Angerezi amati ndi mwala wofiira wotchedwa ruby, pamene Afalansa amati noces d'émeraude, mwala wobiriwira, ndipo wofiirawo, rubis, anauika pa zaka 35. Pa 25, 50 ndi 60 amagwirizana: argent, or, diamant, ndiye siliva, golide ndi dayamondi. Komabe mayina ang'onoang'onowa ndi mwambo wa ku France kwambiri. Siliva ndi golide aliyense amadziwa, koma étain akhoza kungowakwinyitsa nkhope anthu. Ikani ngati chowonjezera pansi pa Joyeux anniversaire de mariage, lisalowe m'malo mwake.

Timizere tapamwamba tija si zokongoletsa. À vous deux ali ndi kamzere, kutanthauza "kwa inu awiri". Kakachoka, a amasanduka mneni wakuti "ali ndi". Mu kadi ndalembayi muli onse awiri, à vous deux ndi a toujours été, ndipo si kuphonya ayi, asiyeni momwemo. Pafoni dinikizani chilembo e kapena a osachotsa chala, zilembo zokhala ndi timizere zitulukira pamwamba. Pakompyuta ya Windows gwirani Alt n'kulemba manambala a kumanja kwa kiyibodi: Alt+0233 ndi é, Alt+0224 ndi à, Alt+0232 ndi è. Kwa wosindikiza tumizani PDF, osati mawu oti iye akalembenso ndi manja ake, chifukwa akamalembanso m'pamene timizere timathawa, kapena zilembo zokongoletsa zimene wasankha zimakhala zilibe é n'kusiya kabokosi pakati pa liwu. Kampata kali pakati pa déjà ndi chizindikiro chofuulira nako n'kolondola, ndi mmene amalembera ku France, asakatseke poganiza kuti akukuthandizani.

Ndalemba zambiri, koma kunena zoona achemwali, anthu amenewa akudziwa kuti Chifalansa si chanu. Kadi yosalala kwambiri adzadziwa kuti munalemberedwa. Mwina ingotengani mizere iwiri yoyamba ndi wotsekera uja m'Chifalansa, pakatipo mulembe ndi cholembera m'chilankhulo chimene mumacheza nawo masiku onse, mutchule ndithu kanthu kamodzi kamene munaona ndi maso anu m'zaka 10 zimenezi. Mukalakwitsa kamzere kamodzi ndi dzanja lanu palibe adzadandaule. Koma keke ija muione isanatsekedwe, ndipo muwerenge chilembo chimodzichimodzi mpaka mupeze de mariage.