Z/12 ⊗ Z/18 ili ndi zinthu 6 zokha

"Akuluakulu, ndithandizeni. Ndikufuna kupeza Z/12 ⊗ Z/18, onse awiri ngati mamojulo a pa Z. Ine ndikupeza zinthu 216, mnzanga akuti yankho ndi Z/36. Akulondola ndani, nanga ndiyambire pati?"

Achimwene, nonse awiri mwaphonya. Yankho ndi Z/6. Nambala 216 ndi ya Z/12 × Z/18, pomwe mumangoika zinthu ziwiriziwiri, ndipo 36 ndi lcm. Tensa imatsata gcd. Langizo langa ndi lakuti musayambe ndi kuwerenga zinthu. Gwirani chinthu chimodzi chokha, 1 ⊗ 1, n'kuona manambala amene amachisandutsa ziro.

Chifukwa chake ndi ichi. Pa Z, nambala yathunthu ili ndi ufulu wodumpha chizindikiro cha ⊗, kuchoka kumanzere kupita kumanja kapena kutulukiratu panja. Ndiye a ⊗ b ndi chimodzimodzi ab(1 ⊗ 1). Popeza chilichonse cha mu tensa chimapangidwa pophatikiza tizidutswa totere, zonse zimachokera kwa 1 ⊗ 1. Chinthuchi tichitchule t.

Tsopano chulukitsani t ndi 12, ndipo 12-yo muilowetse kumanzere: 12t = 12 ⊗ 1 = 0 ⊗ 1 = 0. Chulukitsaninso ndi 18, koma muilowetse kumanja: 18t = 1 ⊗ 18 = 0. Mukachotsera, 6t = 18t − 12t = 0. Pano zaphweka chifukwa 18 kuchotsa 12 ndi 6 kale, koma ngakhale pa m ndi n ena, gcd imalembeka nthawi zonse ngati xm + yn, x ndi y ali manambala athunthu.

Ambiri amaimira pomwepa, ndipo ndi pamene amataya malikisi. Zimene taonetsa ndi zakuti gululi silingapose zinthu 6. Sitinaonetse kuti ndi 6 ndendende. Mwina 2t ndi ziro, mwina t yemweyo ndi ziro, tingadziwe bwanji? Kusuntha manambala uku ndi uku kumangoonetsa kuti chinthu ndi ziro, sikungakutsimikizireni kuti chinthu si ziro. Pamenepo pamafunika mapu yotulukira kunja.

Tengani f kuchoka ku Z/12 × Z/18 kupita ku Z/6, pomwe f(a, b) = ab mod 6. Choyamba onani ngati mapuyi ili yomveka, chifukwa a ndi a + 12 ndi chinthu chimodzi mu Z/12. Mukaika a + 12 m'malo mwa a, yankho limakwera ndi 12b, ndipo 6 imagawa 12b popanda chotsala. Kumanja n'chimodzimodzi ndi 18a. Chachiwiri, f ndi bayiliniya, kutanthauza kuti mukasiya mbali imodzi osaisintha, mbali inayo imalemekeza kuphatikiza: (a + c)b = ab + cb. Mapu yotere imabala homomofizimu imodzi yokha kuchoka ku tensa kupita ku Z/6, yotumiza t kwa 1. Mu Z/6, 1 amafunika kumuphatikiza kasanu n'kamodzi kuti afike pa ziro, choncho t sangafike pa ziro msanga kuposa pamenepo. Apa ndiye Z/6 yatsimikizika.

Mnzanuyo mumuuze ayese njira yomweyi ndi 36, aone pamene ikugwera. Mu Z/12, 0 ndi 12 ndi chinthu chimodzi, koma ab mod 36 ikupereka 0 pa (0, 1) ndi 12 pa (12, 1). Chinthu chimodzi, mayankho awiri, ndiye kuti si mapu n'komwe.

Chimene chimadabwitsa anthu ndi chakuti 2 ⊗ 3 = 6t = 0, ngakhale 2 si ziro mu Z/12 ndipo 3 si ziro mu Z/18. N'chifukwa chake kuwerenga ziwiriziwiri kumasokeretsa: 5 ⊗ 7 ndi 35t, yomwe ndi 5t, yofanana ndi 5 ⊗ 1. Zolembedwa mosiyana zambirimbiri zikuimira chinthu chimodzi. Ndipo ngati gcd ndi 1, monga Z/4 ⊗ Z/9, zonse zimatheratu n'kutsala ziro yekha, pomwe Z/4 × Z/9 ndi Z/36 yathunthu. Ndikuganiza kuti 36 ya mnzanu yachokera ku maganizo a mtundu umenewu.

Mukafuna kudzichonga mwachangu, gwiritsani ntchito lamulo lakuti M ⊗ Z/n ndi M/nM. Chulukitsani zinthu zonse za Z/12 ndi 18, mupeza 0 ndi 6 basi. Zinthu 12 kugawa ndi 2, zatsala 6. Koma polemba yankho la mayeso ndingakonde muonetse mapu f ija, pokhapokha ngati lamuloli munalitsimikizira kale m'kalasi.