Chifukwa chake "akuti" sakwanira

*"Ndawerenga kuti m'ziyankhulo zina mneni amasonyeza ngati munthu anaona yekha zomwe akunena kapena anangomva, ndipo ati zimenezi zimavuta kumasulira. Chovuta n'chiyani? Ife si tili ndi 'akuti' ndi 'ndinaona ndekha'?"*

Achemwali, mawuwo tili nawodi, ndipo palibe chomwe ziyankhulo zimenezo zimanena chomwe Chichewa chingalephere kuchifotokoza. Pamene pagona nkhani ndi apa: ife timanena gwero la nkhani tikafuna, pomwe iwo sangatsegule pakamwa osalinena.

Tiyambe ndi Chituyuka, chiyankhulo cha anthu ochepa a m'malire a Colombia ndi Brazil, chomwe katswiri wa ziyankhulo Janet Barnes adachifotokoza mu 1984. Tinene kuti mukufuna kuuza mnzanu kuti mwamuna wina adasewera mpira. Mpira ndi *díiga*, tsinde la mneni "sewera" ndi *apé*, koma tsindelo silingaime lokha. Ngati mudamuona ndi maso akusewera, munena *díiga apé-wi*. Ngati mudangomva phokoso la masewerowo ndi mawu ake koma osamuona, ndi *díiga apé-ti*. Mukafika pabwalo masewero atatha n'kupeza mapazi a nsapato yake yomwe mumaidziwa, ndi *díiga apé-yi*. Ngati wina adakuuzani, *díiga apé-yigɨ*. Ndipo ngati mukungodziwa kuti nthawi imeneyo amakhala ali kumpira masiku onse, *díiga apé-hĩyi*. Njira zisanu, ndipo yachisanu ndi chimodzi, yongoti "adasewera" basi osaulula komwe mwazitenga, kulibe. Kachidutswa ka kumapetoko kamanyamulanso nthawi komanso yemwe wachita, ndiye mukakachotsa palibe chiganizo chotsala.

Kuti mumve kukoma kwake, ganizani za ulemu m'Chichewa. Simungathe kunena za kubwera kwa munthu osasankha pakati pa "wabwera" ndi "abwera". Munthu akati "amayi abwera" simumva ngati wachita chinthu chapadera, wangoyankhula bwino. Koma wina atamasulira chiganizocho m'chiyankhulo chopanda ulemu wa mu mneni, n'kumawonjezera "amayi olemekezeka kwambiri" paliponse, omvera angayese kuti mwanayo akuwanyengerera amayi ake. Wasunga tanthauzo koma wakweza mawu pomwe mwini wake ananong'ona. Zizindikiro za umboni zimavuta chimodzimodzi.

Yesani nokha. *Díiga apé-wi* mukaimasulira kuti "adasewera mpira", mwataya maso a mboni. Mukati "ndidamuona ndi maso angawa akusewera mpira", Mchewa aliyense amva kuti panali mkangano, kuti wina amatsutsa ndipo inu mukulumbira. Komatu woyankhula uja samakangana ndi munthu. Ndipo "akuti" wathu ndi woopsa kwambiri, chifukwa amabwera ndi kafungo. "Akuti adasewera" kawirikawiri imamveka ngati "ine ndiye kaya, musandifunse". M'ziyankhulo zambiri zokhala ndi zizindikirozi, kunena kuti unauzidwa si kukayika ayi. Ukhoza kukhulupirira nkhaniyo ndi mtima wonse, mwina unaimva kwa agogo ako omwe sananamepo, koma galamala ikufunabe kuti unene kuti inadzera m'makutu. Apa ndi pomwe omasulira ambiri amapunthwa, ndipo zimandiwawa ndikaona munthu woona mtima akusandutsidwa wamiseche kapena wozengereza chifukwa cha liwu limodzi la womasulira.

Vuto lachiwiri limaoneka bwino m'chiyankhulo cha ku Turkey, chomwe chili ndi njira ziwiri zokha pa zinthu zakale. *Geldi* ndi "wabwera", yonenedwa ndi munthu amene akuimirira pa nkhaniyo yekha. *Gelmiş* ndi "wabwera" yomwe woyankhulayo sanaionere ikuchitika. Tsopano taganizani munthu walowa m'nyumba n'kunena *gelmiş*. Zikhoza kukhala kuti mnansi anamuuza panjira, ndiye ife tingati "akuti wabwera". Zikhoza kukhala kuti waona jekete la mlendoyo litakolekedwa pakhomo, ndiye tingati "zikuoneka kuti wabwera". Zikhozanso kukhala kuti watsegula chitseko n'kumupeza atakhala pampando asakumuyembekezera, ndiye Chichewa chili ndi kaliwu kabwino zedi: "kani wabwera!" Mwini chiyankhulo anagwiritsa kachidutswa kamodzi, *-miş*, ndipo sanakakamizidwe kusankha pakati pa zitatuzi. Womasulira ndiye akukakamizidwa, ndipo chilichonse chomwe angasankhe akuika m'kamwa mwa munthu zomwe sananene. Mukhoti zimenezi si zazing'ono: mboni yomwe inaona jekete ndi mboni yomwe inangouzidwa zimalemera mosiyana, ndiye womasulira wosamala amapempha kuti mboniyo ifunsidwe komwe inadziwira m'malo molota yekha.

Kachidutswa komweko kamagwiranso pa iwe mwini. *Uyumuşum* ndi "kani ndinagona": munthu wadzidzimuka, waona kuti kwada, ndipo akudziwa za tulo take kudzera mu zotsatira zake. Komanso musaganize kuti *-di* wa mu *geldi* uja ndi wa maso okhaokha. Anthu a ku Turkey amamugwiritsa ntchito ponena za imfa ya Atatürk, pulezidenti woyamba wa dzikolo, mu 1938 ngakhale sanalipo, chifukwa nkhaniyo inakhazikika, aliyense anaitenga kukhala yake. Womasulira amene analoweza kuti "*-di* ndi ndinaona" agwa m'mbuna pomwepa.

Pa nkhani yaitali ndiye pamavuta zenizeni. Nthano za ku Turkey zimayamba ndi *bir varmış, bir yokmuş*, kunena kuti "kunali, kunalibe", ndipo aneni ofotokoza nthanoyo amapitirira ndi *-miş* mpaka kumapeto. Kwa iwo sizitopetsa, monga ife sititopa ndi kugwirizana kwa dzina ndi mneni. Inu ikani "akuti" m'chiganizo chilichonse muone: "akuti kunali mfumu, akuti inali ndi ana atatu, akuti wamkulu ananyamuka". Pofika chiganizo chachinayi, nthano yasanduka manong'onong'o. Njira yabwino ndi kuika chizindikiro kamodzi poyamba, monga "padangokhala" amachitira, n'kusiya kuti chiphimbe zonse. Koma njirayi ili ndi mtengo wake. Munthu akamafotokoza za nkhondo yomwe makolo ake anamuuza, kenako pakati n'kusintha kachidutswa chifukwa wafika pa zomwe anaziona yekha ali mwana, kusinthako ndiye mtima wa nkhaniyo. Ngati munafafaniza zizindikiro zonse, wowerenga sadziwa kuti apa mboni yaimirira.

Kumasulira kolowera mbali inayo nakonso kuli ndi minga. Mutapatsidwa "mwamuna uja adasewera mpira" kuti muiike m'Chituyuka, simungayambe musanadziwe ngati wolembayo adaona, adamva kapena adauzidwa, ndipo pepala silikuuzani. Mukasankha *-wi* mwamusandutsa mboni yoona ndi maso; mukasankha *-yigɨ* mwamutalikitsa ndi nkhani yake.

Ine ndikanakhala pa ntchito yotere, ndikanayamba ndi kudula mzere pansi pa mneni aliyense n'kulemba pambali gwero lake. Kenako ndikanayang'ana malo omwe gwerolo lasintha, kapena pomwe woyankhula wasankha chizindikiro chomwe sichimayembekezeka pamenepo, monga kunena za zochita zake zomwe ngati kuti anangozitulukira. Malo amenewo ndi omwe ndingawonongerepo mawu athu olemera aja, "kani", "akuti", "ndinaona ndekha". Kwina konseko ndingasiye mneni wamba, nditauza owerenga kumayambiriro kuti nkhaniyi mwini wake anaimva kwa ena.