Maulaliki Asanu ndi Limodzi a Pemphero pa Mpingo wa Kumudzi

"Ndine mbusa wa mpingo wa kumudzi womwe uli ndi nthambi zingapo. Ndikufuna kulalikira za pemphero kwa masabata 6 otsatizana, koma ambiri mwa akhristu athu sawerenga, ndipo sabwera Lamulungu lililonse. Ndiyambire pati?"

Abusa, tsamirani pa Pemphero la Ambuye la pa Mateyu 6:9-13, chifukwa ngakhale agogo amene sanapondeko m'kalasi amaliloweza kale. Katekisma wa Heidelberg amaligawa m'mapempho asanu ndi limodzi, choncho sabata iliyonse ili ndi pempho lake, ndipo munthu amene anajomba chifukwa cha maliro adzadziwa pamene mwafika akangomva mawu a tsikulo. Pempho lililonse muliperekeze ndi nkhani imodzi yokha ya m'Baibulo, yoti mayi akathe kuifotokozera ana ake akuotha moto. Mavesi ambirimbiri amathandiza okhawo amene ali ndi cholembera.

Masabata awiri oyamba, a dzina la Mulungu ndi ufumu wake, sadzakuvutani. Yachitatu ndi yolemera, pakuti mawu akuti "kufuna kwanu kuchitidwe" adzafika kwa anthu amene anapempherera mwana wodwala koma anamuika m'manda. Atengereni ku Getsemane, pa Marko 14:32-36, pamene Yesu mwini anapempha kuti chikho chimpitirire ndipo sichinampitirire, ndipo musayerekeze kunena kuti amene sanayankhidwe anali ndi chikhulupiriro chochepa.

Sabata yachinayi imadalira kwambiri mwezi umene mwasankha. Chakudya chalero chimamveka mwina mu June nkhokwe zili zodzaza, ndipo chimamveka mwinanso mu February anthu akuyendera ganyu. Werengani Eksodo 16, pamene mana ankatoledwa okwanira tsiku limodzi ndipo osungidwa mosamvera anagwa mphutsi. Ngati ndi nthawi yokolola, tsindikani pa mawu akuti "chathu", mufunse mpingo kuti wamasiye amene sanapate kanthu adya chiyani. Ngati ndi nthawi ya njala, musalonjeze matumba a chimanga m'dzina la Mulungu. Ine ndikadasankha June ndi July, pamene ntchito ya kumunda yachepa ndipo mitsinje ikuwolokeka.

Za kukhululuka mugwiritse ntchito kapolo wa pa Mateyu 18:21-35, koma mupewe chitsanzo cha mkangano wa malire a munda umene mudzi wonse ukudziwa eni ake. Pa sabata yomaliza nkhani ya ufiti idzabuka ndithu, ndiye muneneretu kuti kupempha chipulumutso kwa woipayo sikupatsa munthu ufulu woloza chala nkhalamba ya m'mudzi.

Popeza simungakhale pa nthambi zonse, kumanani ndi akulu a mpingo musanayambe, muwapatse pepala limodzi pa sabata lokhala ndi ndime, mfundo imodzi ndi funso limodzi lokakambirana m'milaga ndi ku msonkhano wa amayi. Mukadzapezeka pa mapemphero a mlaga m'kati mwa sabata, mudzamvetsere ngati anthu ayamba kupempherera anzawo powatchula mayina ndi zosowa zawo, kapena akungobwereza mawu omwe aja a masiku onse.