Kalorimita ya bomba: chifukwa chake yankho la okiteni likusiyana ndi 22 kJ

Wophunzira wina wa ku Kapata, ku Chipata, watilembera imelo iyi: "Zikomo aphunzitsi. Funso likuti anawotcha 1.000 g ya asidi wa benzoiki (26.434 kJ/g) m'kalorimita ya bomba, kutentha kunakwera ndi 2.600 °C. Kenako anawotcha 0.7000 g ya okiteni, C₈H₁₈, kutentha kunakwera ndi 3.290 °C. Waya woyatsira anapereka 50 J nthawi zonse ziwiri. Akufuna ΔU ndi ΔH pa molo imodzi pa 298 K. Ine ndapeza ΔH = −5449 kJ/mol, koma kumapeto kwa buku alemba −5472. Ndabwereza katatu, yankho silikusintha. Ndikulakwitsa pati, nanga n'chifukwa chiyani tifunika kusintha ΔU kukhala ΔH?"

Masamu anu ambiri ali bwino, ndipo nambala yanu yomweyo ikutiuza pamene mwaphonya. Mwawerengera madzi opangidwa pa kuyaka ngati mpweya. Koma tiyambe ndi chipangizocho, chifukwa mukachiona m'maganizo simudzasokonezekanso pa mfundo imeneyi.

Chimene amati bomba ndi chibotolo cha chitsulo chokhuthala, chokhala ndi chivundikiro chomangidwa molimba. M'kati mwake muli kambale kakang'ono koikamo chowotchedwa, ndi waya wopyapyala womangidwa pakati pa timitengo tiwiri ta magetsi. Amadonthezamo madzi pang'ono, pafupifupi 1 mL, n'kutseka, n'kupoperamo okosijeni mpaka puresha itafika pafupifupi 30 atm. Bombalo amalimiza m'chidebe cha madzi oyezedwa bwino, kawirikawiri 2000 g, momwe muli chotakasira ndi choyezera kutentha. Akadina batani waya umayaka, mafuta amapsa m'kanthawi kochepa, ndipo kutentha kumadutsa m'chitsulo kulowa m'madzi.

Mfundo yaikulu ndi yakuti chitsulocho sichifufuma ndiponso sichinyala. Mpweya wa m'kati ulibe chimene ungakankhe, ndipo mpweya wa kunja sungaukankhe. Choncho palibe mphamvu imene imatuluka kapena kulowa ngati ntchito ya kukankha. Kusintha konse kwa mphamvu ya m'kati mwa zinthuzo kumaoneka ngati kutentha, ndipo n'chifukwa chake chimene bomba limayeza ndi ΔU. Malasha akamayaka pa mbaula, kapena palafini mu nyale, zinthu zimakhala zosiyana. Pamenepo moto uli poyera, puresha ndi ya mpweya wotizungulira ndipo sisintha, pomwe mipweya ili ndi ufulu wofutukuka kapena kuchepa. Kutentha kotuluka pa moto wotere ndiko ΔH, enithalipi. Matebulo a m'mabuku amalemba ΔH chifukwa moto wambiri umene timagwiritsa ntchito umayaka poyera.

Tsopano ku manambala. Choyamba ndi kudziwa kuti kalorimita yonseyo, madzi, chidebe, bomba ndi chotakasira, imamwa kutentha kochuluka bwanji kuti ikwere ndi digiri imodzi. Ntchito ya asidi wa benzoiki ndi imeneyi. Amasankha iye chifukwa amapezeka woyera kwambiri, samamwa chinyezi msanga, amaumbika kukhala kambulu kolimba ndipo amapsa yense.

```
q = 26.434 kJ + 0.050 kJ = 26.484 kJ
C = 26.484 kJ / 2.600 K = 10.186 kJ/K
```

Onani kuti apa 50 J ya waya tayiphatikiza, popeza nayonso inathandiza kutenthetsa madzi. Musavutike kusintha 2.600 °C powonjezera 273. Kumeneku ndi kukwera kwa kutentha, ndipo kukwera kwa digiri imodzi n'kofanana ndi kukwera kwa kelivini imodzi.

Ena amadumpha gawo limeneli n'kungotenga madzi okha. Madzi a 2000 g amamwa 8.368 kJ pa digiri, pomwe chipangizo chathu chikumwa 10.186. Kusiyanako, pafupifupi 1.8 kJ pa digiri, ndi kwa chitsulo. Amene waiwala chitsulo yankho lake limachepa ndi pafupifupi 18 peresenti, ndipo kulakwa kumeneku n'kokulirapo kuposa kwanu.

Pa okiteni timayenda chobwerera. Tikudziwa C, tikufuna kutentha.

```
q(yonse) = 10.186 × 3.290 = 33.512 kJ
q(okiteni) = 33.512 − 0.050 = 33.462 kJ
n = 0.7000 / 114.23 = 0.006128 mol
ΔU = −33.462 / 0.006128 = −5461 kJ/mol
```

Nthawi ino waya tawuchotsa, chifukwa tikufuna za okiteni yekha. Chizindikiro chochotsera chilipo chifukwa madzi alandira zimene mafuta ataya. Mpaka pano ndikukhulupirira kuti inu ndi buku mukuyenda limodzi.

Pamene mwapatukira ndi apa. Ubale wa ziwirizi ndi ΔH = ΔU + Δn·R·T, ndipo Δn ndi kusintha kwa mamolo a mipweya yokha. Zamadzimadzi ndi zolimba siziwerengedwa, chifukwa malo amene zimatenga ndi ochepetsetsa. Molo imodzi ya madzi ndi 18 mL, sikwana ngakhale masipuni aakulu awiri, koma molo imodzi ya mpweya pa 298 K ndi puresha ya 1 atm imatenga malita oposa 24. Lembani ikwezhoni pamodzi ndi zilembo zosonyeza mkhalidwe wa chinthu chilichonse, ndipo musazisiye ngakhale mutafulumira motani.

```
C₈H₁₈(l) + 12.5 O₂(g) → 8 CO₂(g) + 9 H₂O(l)
Δn = 8 − 12.5 = −4.5
```

Inu mwatenga 8 kuphatikiza 9 kuchotsa 12.5, mwapeza +4.5. Okiteni amapusitsa pamenepa, chifukwa nambala yolakwika ndi yolondola zonse ndi 4.5, zikungosiyana chizindikiro. Munthu amabwereza masamu katatu, amaona 11.15 yemweyo amene mnzake wapeza, ndipo saganiza kuti vuto lili pa H₂O.

```
Δn·R·T = −4.5 × 0.008314 × 298 = −11.15 kJ/mol
ΔH = −5461 − 11 = −5472 kJ/mol
```

Inu munakwera ndi 11 pamene munayenera kutsika ndi 11, ndipo kusiyana kwa 22 mpaka 23 kJ pakati pa inu ndi buku kwachokera pomwepo. Pano T ayenera kukhala mu kelivini, chifukwa tsopano tikunena za kutentha kwenikweni, osati kukwera kwake. R ndamulemba kuti 0.008314 kuti agwirizane ndi makilojulo. Amene amasiya 8.314 amapeza 11,149 n'kuiphatikiza ku 5461 ngati kuti zonse ndi kJ, yankho n'kukhala lalikulu katatu.

Mungafunse kuti moto wotentha chotere ungatulutse bwanji madzi osakhala nthunzi. Pa nthawi ya kuyaka amakhaladi nthunzi. Koma sitiyeza pa nthawi imeneyo. Timadikira mpaka bomba litazizira n'kufanana ndi madzi a m'chidebe, pa madigiri osapitirira 30, ndipo pofika apo nthunzi yasanduka kale madontho pa khoma la m'kati. Mukatsegula mumawaona ndi maso. Ija 1 mL imene amadonthezamo poyamba ntchito yake ndi yomweyi: imakhutitsa mpweya wa m'kati ndi chinyezi moto usanayake, kuti madzi atsopano asapeze malo okhala ngati nthunzi.

Pali njira yoyesera chizindikiro popanda fomula, ndipo ndikufuna muigwire chifukwa pa mayeso imapulumutsa. Ganizirani pampu ya njinga mutatseka kukamwa kwake ndi chala. Mukakankha, dzanja lanu likugwira ntchito pa mpweya, ndipo pampu imafunda. Okiteni akayaka poyera, mamolo 12.5 a mpweya amasanduka 8. Mpweya wa kunja umakankha kulowa m'malo amene atsala, ngati dzanja lija, ndipo ntchito yakeyo imatuluka ngati kutentha kowonjezera. Ndiye mipweya ikachepa, moto wa poyera umapereka kutentha kochulukirapo kuposa wa m'bomba, ndipo ΔH imatsika kupitirira ΔU. Mukadafunsa funso limeneli pa −5449 mukadaona nthawi yomweyo kuti yapita mbali yolakwika.

Ngati funso litafunadi madzi ngati nthunzi, kusintha Δn kokha sikukwana. Molo iliyonse ya madzi imafuna pafupifupi 44 kJ kuti isanduke nthunzi pa 298 K, ndipo tili ndi mamolo 9, kutanthauza 396 kJ. Mungayambe mwapeza −5472, kenako n'kuwonjezera 396, kufika pa −5076 kJ/mol. Pa galamu imodzi ndi 44.4 kJ m'malo mwa 47.9 kJ. Nambala yaing'onoyi ndi imene amainjiniya amakonda pa injini ya galimoto, chifukwa madzi amatuluka ku ekizozi akadali nthunzi ndipo kutentha kwawo kumapita nawo. Choncho −5449 si yankho la madzi amadzimadzi, komanso si la nthunzi.

Tsiku lina mukadzagwira chipangizocho ndi manja, dziwani kuti 11 kJ imene tavutika nayoyi ndi yaing'ono, magawo awiri okha mwa 1000 a yankho lonse. Choyezera kutentha chikaphonya ndi 0.01 °C, ndiye kuti 0.10 kJ yasokonekera, ndipo pa mamolo ochepa chonchi zimakhala pafupifupi 17 kJ/mol. N'chifukwa chake funso lapereka kutentha mpaka manambala atatu pambuyo pa dontho. N'chifukwa chakenso amalemba kutentha mphindi iliyonse asanayatse ndiponso atayatsa, kuti awerengere kutentha kumene kwalowa kapena kuthawa. M'chipinda chotentha ngati cha mu Okutobala kuno ku Chipata, madzi a m'chidebe angathe kumakwera okha musanadine batani.

Mukatsegula bomba, mutatulutsa mpweya pang'onopang'ono, yang'anani m'kati. Mwaye wakuda pa kambale kapena pa khoma ukutanthauza kuti kaboni wina sanapse, yankho lidzachepa, ndipo palibe masamu okonzera zimenezo. Tayani zotsatirazo, muyambirenso. Zidutswa za waya zotsala muziyeze, chifukwa mumawerengera gawo lokha limene lapsa. Madontho a m'kati amakhala ndi asidi wa naitiriki pang'ono, wochokera ku naitirojeni wa mpweya umene unatsekeredwamo, ndipo pa ntchito yosamala amamuyeza n'kuchotsa kutentha kwake. Okiteni weniweni amauluka msanga, kotero amamutsekera m'kapisozi asanamuyeze pa sikelo, apo ayi 0.7000 g imene mwalemba siikhalanso yonse pa nthawi yoyatsa. Kapisoziyo nayo imapsa, ndipo kutentha kwake kumachotsedwa monga tachitira ndi waya. Funso lanu lazisiya zimenezi kuti likhale lalifupi.

Mukadzapatsidwa malasha, zikonyo za chimanga kapena makoko a nshawa opsinjidwa, muime pa kJ/g. Zinthu zimenezi zilibe fomula imodzi, ndiye mulibe molo yogawira. Kuti mupeze Δn pamafunika kudziwa kaye kuchuluka kwa haidirojeni, okosijeni ndi naitirojeni mu galamu iliyonse. Kaboni yekha sasintha mamolo a mpweya, pakuti molo imodzi ya O₂ imapereka molo imodzi ya CO₂, ndipo pa malasha opsa bwino ΔU ndi ΔH zimayandikana kwambiri. Chimene chimasokoneza kwambiri pa zinthu zotere ndi chinyezi, choncho muumitse chowotchedwacho mu uvuni pa 105 °C mpaka kulemera kwake kutasiya kutsika, ndipo mulembe kuti yankho lanu ndi la chouma.