Bilu ya ku hotela yapitirira ndi 30, ndalamayi yachokera kuti?

"Abale ndithandizeni masamu. Tinatenga zipinda ziwiri ku hotela n'kugona masiku atatu, chipinda chimodzi 1,800 pa usiku. Chakudya chonse chinakwana 4,200. Anatiuza kuti pali sevisi chaji ya 10 peresenti ndi levi ya zokopa alendo ya 2 peresenti. Ine ndikupeza 16,800 koma bilu ikuti 16,830. Kodi andibera, kapena ndine ndaphonya?"

Achemwali, masamu anu sanalakwike, ndipo sindikuona ngati munthu wa pa kauntala wakuberani. Inu ndi hotelayo mwagwiritsa ntchito maperesenti omwewo, koma mwawachotsa pa ndalama zosiyana. Ndinakhalapo zaka zingapo ndikutseka mabilu a alendo, ndipo mkangano uwu ndinkakumana nawo kawirikawiri. Aliyense amangoyang'ana kuti peresentiyo ndi zingati, osafunsa kuti ndi peresenti ya chiyani.

Tiyambe ndi pamene nonse mukugwirizana. Zipinda ziwiri kwa masiku atatu, hotela imawerenga ngati chipinda chagonedwa kasanu n'kamodzi. Ndiye 6 kuchulukitsa ndi 1,800 ikutipatsa 10,800. Tikaphatikiza chakudya cha 4,200 tikufika pa 15,000. Imeneyi ndiye ndalama ya zimene munagwiritsadi ntchito, kusanalowe china chilichonse.

Inu munatenga 10 peresenti ya 15,000, imene ndi 1,500. Kenako munabwereranso pa 15,000 yomweyo n'kutengapo 2 peresenti, imene ndi 300. Zonse pamodzi 16,800. Mwina munangoti 10 ndi 2 ndi 12 peresenti, n'kudina kamodzi pa foni. Yankho limatuluka lofanana.

Kompyuta ya hotela inayenda njira ina. Inayamba yaika sevisi chaji, bilu n'kukwera kufika pa 16,500. Levi ija inaichotsa pa 16,500 imeneyi, osati pa 15,000. Ndipo 2 peresenti ya 16,500 ndi 330. Mukaphatikiza mukupeza 16,830, ndendende zimene zili pa pepala lanu. Choncho 30 mukuisakayo ndi levi imene yagwera pa sevisi chaji, chifukwa 2 peresenti ya 1,500 ndi 30 basi.

Musangondikhulupirira ine. Tengani biluyo, pitani pa mzere wa levi. Ngati ndaganiza bwino, palembedwa 330.

Tsopano nayi njira imene ndikufuna muisunge, chifukwa imagwira ntchito pa bilu ya hotela iliyonse. Tengani ndalama imene yalembedwa pa mzere wa levi, muigawe ndi peresenti yake, kenako muchulukitse ndi 100. Nambala imene ituluke ndi ndalama imene hotela yachotsapo leviyo. Pa bilu yanuyi:

330 ÷ 2 × 100 = 16,500

Mukaona 16,500 mwadziwa kale kuti sevisi chaji inali mkati. Pakanalembedwa 300, pakanatuluka 15,000, kusonyeza kuti levi yagwera pa zipinda ndi chakudya popanda sevisi chaji. Pakanalembedwa 216, pakanatuluka 10,800, imene ndi ndalama ya zipinda zokha. Ubwino wake simuvutika kulosera, nambalayo imakulozerani yokha mzere umene inachokera. Sevisi chaji nayo mutha kuiyesa chimodzimodzi. Ngati palembedwa 1,500, yagwera pa zonse. Pakanakhala 420, ikanakhala ya chakudya chokha, ndipo alipo mahotela amene amachita choncho, amaika sevisi chaji ku lesitilanti ndi ku bala kokha.

Ndiye mwaona kuti zipinda zomwezi, chakudya chomwechi ndi maperesenti omwewa zitha kubala mabilu osiyana. Yanu ya 16,800 ndi imodzi, ya hotela ya 16,830 ndi ina. Levi ikakhala ya zipinda zokha, bilu imatsika kufika pa 16,716. Kunena zoona, funso loti kodi levi ikuyenera kugwera pa chakudya kapena ayi ndi lalikulu kuposa la 30 ija, chifukwa pakati pa 330 ndi 216 pali 114. Anthu amalimbana ndi kachidutswa kamene aona, chonsecho ndalama yochulukirapo ili pena.

Nanga yolondola ndi iti? Apa mpofunika kusiyanitsa zinthu ziwirizi, popeza eni ake ndi osiyana. Sevisi chaji amaika ndi hotela, ndipo kawirikawiri amati ndi yothandizira kulipira ogwira ntchito. Levi si ya hotela. Hotela imangotolera n'kukapereka ku boma, ku khonsolo ya mzinda kapena ku bungwe loona zokopa alendo. Choncho amene amanena kuti levi ichotsedwe pa ndalama iti ndi lamulo la kumene hotelayo ili, ndipo malamulowo amasiyana kwambiri. Ku Kenya levi ndi 2 peresenti ndipo imagwera pa malonda a hotela, chakudya ndi zakumwa zomwe. Ku Amsterdam, kuyambira 2024, msonkho wa alendo ndi 12.5 peresenti ya mtengo wa malo ogona. Ku Malaysia, kuyambira 2017, alendo ochokera kunja amalipira maringiti 10 pa chipinda pa usiku, kaya chipindacho ndi chodula kapena chotchipa, ndiye kumeneko nkhani ya peresenti palibe, mumangowerenga zipinda ndi masiku.

Zoika msonkho pamwamba pa sevisi chaji si zachilendo ayi. Ku Singapore ndi mmene amawerengera poyera: amayamba kuika 10 peresenti ya sevisi chaji, kenako msonkho wa pa malonda wotchedwa GST, umene ndi 9 peresenti kuyambira pa 1 Januwale 2024, umagwera pa zonsezo. Chinthu cha 100 chimafika pa 119.90, osati 119. Maganizo ake ndi oti sevisi chaji ndi gawo la zimene mlendo walipira hotela, ndiye msonkho uyenera kuikhudza. Kumene lamulo la levi limatchula ndalama zonse zimene hotela yalandira, kawerengedwe ka hotela yanu kamakhala kolondola. Kumene limatchula mtengo wa chipinda, kamakhala kolakwika, ndipo mungakhale mutalipitsidwa 114 yosayenera.

Ndiye mukabwerera kapena mukawaimbira, musafike ndi mawu oti mwandibera. Mnyamata kapena mtsikana wa pa kauntala sawerenga yekha manambalawa. Amangodina, kompyuta n'kutulutsa mogwirizana ndi mmene a ku ofesi ya zachuma anaikonzera. Funso lothandiza ndi ili: "Levi yanuyi mumaichotsa pa zipinda zokha, pa zipinda ndi chakudya, kapena pamodzi ndi sevisi chaji, ndipo zalembedwa pati?" Akakanika kuyankha, pemphani kuti mulankhule ndi akauntanti kapena woyang'anira wa tsikulo. Yang'ananinso uthenga umene anakutumizirani posungitsa malo, chifukwa nthawi zambiri mawu aang'onoang'ono a m'munsi amanena zimenezi. Ena anganene kuti 30 ndi yochepa kuti munthu adzivute nayo. Inde pa 15,000 ndi 0.2 peresenti chabe, koma ngati mukukabweza malisiti ku ntchito kapena mukugawana bilu ndi anzanu, muyenera kudziwa chimene mwalipira, ndipo kufunsa si mlandu.

Kunena za kugawana, palinso dzenje lina limene anthu ambiri amagweramo. Munthu amagwira 16,830 n'kufuna kudziwa kuti popanda zowonjezera inali zingati, ndiye amangochotsapo 12 peresenti. Zikatero amapeza 14,810.40, pamene ife tikudziwa kuti inali 15,000. Vuto ndi loti 12 peresentiyo waichotsa pa nambala yaikulu, pamene poika inawerengedwa pa yaing'ono. Pobwerera m'mbuyo timagawa, sitichotsera. Pa bilu yanuyi sevisi chaji ikuchulukitsa ndi 1.10, levi ndi 1.02, ndipo ziwirizi pamodzi ndi 1.122:

16,830 ÷ 1.122 = 15,000

Nambala yomweyi ndi imene ingakuthandizeni kugawana popanda kukangana. Tiyerekeze kuti mnzanu anali ndi chipinda chake, chimene ndi 5,400 pa masiku atatuwo, ndipo anadya za 1,600. Zake ndi 7,000, ndipo mukachulukitsa ndi 1.122 alipira 7,854. Inu zanu ndi 8,000, zimene zikufika pa 8,976. Phatikizani ziwirizo, mupeza 16,830 osatsala kanthu.

Chinthu chimene ine chimandidetsa nkhawa kwambiri kuposa zonsezi ndi 4,200 ya chakudya ija, chifukwa ndi pamene cholakwika chenicheni chimakonda kubisala. Mukadya ku lesitilanti ya hotela n'kunena kuti aike pa chipinda, amakubweretserani kapepala koti musaine. Kayang'anitsitseni kapepalako. Nthawi zina m'munsi mwake mumakhala mutalembedwa kale sevisi chaji, ndipo ndalama imene imatumizidwa ku bilu ya chipinda imakhala yophatikiza kale. Ngati kompyuta ya pa kauntala iikanso 10 peresenti pa bilu yonse, mwalipira kawiri pa mbale imodzi.

Ndinazionapo ndi maso pa hotela ina imene ndinagona. Kapepala ka chakudya chamadzulo kanali ndi 500 ya chakudya, 50 ya sevisi chaji, zonse 550. Pa bilu yotulukira panalembedwa 550 pa mzere wa lesitilanti, ndipo m'munsi 10 peresenti inagweranso pa 550 yomweyo. Ndinayala timapepala tonse pa kauntala motsatira masiku, ndi cholembera ndikuloza mzere ndi mzere. Mayi amene anali pamenepo anayang'ana, anaitana mkulu wawo, ndipo anakonza popanda phokoso. Ndikanataya timapepalato sindikanakhala ndi poyambira.

Inunso chitani chimodzimodzi. Phatikizani mitengo ya chakudya chokha pa timapepala tanu, kusiya zowonjezera za m'munsi. Ikakwana 4,200, palibe chalipiridwa kawiri ndipo 16,830 yatsala ndi funso limodzi lokha la lamulo la levi. Ikakwana cha m'ma 3,818, dziwani kuti 4,200 ija inali kale ndi 10 peresenti mkati, chifukwa 4,200 kugawa ndi 1.10 ndi 3,818.18. Zikakhala choncho, 420 ya sevisi chaji imene aikanso pa chakudya pa bilu yomaliza ndi yoti akubwezereni, pamodzi ndi 8.40 ya levi imene yagwera pa 420 imeneyo. Poyang'ana timapepalato, onaninso nambala ya chipinda ndi siginecha pa kalikonse, komanso ngati sanakulipitseni chakudya cham'mawa pamene mtengo wa 1,800 unali utachiphatikiza kale.