Ziphuphu ndi mawanga akuda muli ndi pakati: mudzole chiyani mutasiya adapalini?

"Ndili ndi pakati pa masabata 11. Ndinkadzola adapalini usiku chifukwa cha ziphuphu, ndi kirimu wa hayidirokwinoni pa zipsera zakuda. Ndinasiya zonse pa sabata lachisanu ndi chimodzi nditadziwa kuti ndaima. Pano ziphuphu zabwerera ndipo masaya ayamba kuda. Kodi mwana ndamuvulaza? Nanga ndidzole chiyani tsopano, komanso ndikadzayamba kuyamwitsa?"

Amayi, tiyambe ndi nkhawa ya mwanayo. Adapalini ali m'gulu la mankhwala ochokera ku vitamini A, limodzi ndi tiretinoyini ndi retinolo. Woopsa kwambiri m'gululi ndi wakumwa, isotiretinoyini, amene amapititsa padera ndi kulumaza mtima, ubongo ndi makutu a mwana. Mayi amene akumwa ameneyu amayenera kusiya patatsala mwezi wathunthu kuti atenge pakati. Wodzola amalowa m'magazi pang'ono zedi, ndipo amayi amene anadzola m'masabata oyambirira asakudziwa sanapezeke kuti amabereka ana olumala kuposa anzawo. Timaletsabe, chifukwa palibe chifukwa choikira mwana pachiswe pa nkhani ya ziphuphu. Mwachita bwino kusiya. Mukamapita kusikelo mutenge machubu onse awiri, muwaonetse anamwino ndi kuwauza tsiku limene munasiya.

Hayidirokwinoni vuto lake ndi lakuti khungu limamumwa kwambiri: pa zimene mwadzola, 35 mpaka 45 peresenti imalowa m'thupi. Koma chimene chimatidetsa nkhawa koposa ndi komwe kirimuyo anachokera. Ngati sanakulembereni dokotala, dziwani kuti mafuta ambiri oyeretsa khungu amabisa zinthu zina, monga siteroyidi wamphamvu wotchedwa kilobetasolo, kapena mekyule, amene amadutsa m'nsengwa ndi m'mkaka wa m'mawere n'kuwononga ubongo wa mwana. Siteroyidi amayambitsanso ziphuphu payekha, timatuza tofanana msinkhu totuluka nthawi imodzi, ndipo khungu limapyapyala mpaka timitsempha kuoneka. Mafuta opanda mndandanda wa zosakaniza, atayeni. Ena onse werengani kumbuyo kwa botolo, ndipo dzina lililonse lokhala ndi "retin" m'kati mwake muliike pambali. Adapalini ndi tazarotini alibe zilembo zimenezi, choncho muwakumbukire paokha. Pa mapiritsi, dokisisayikilini ndi anzake amadetsa mano a mwana, ndipo sipironolakitoni amasokoneza mahomoni a mwana wamwamuna.

Tsono chodzola. Kukanakhala kuti tisankhe chinthu chimodzi chokha, tikanasankha asidi wa azelayiki wa 15 kapena 20 peresenti. Amagwira ntchito zonse ziwiri zimene munkagulira machubu awiri: amatsegula timabowo ta khungu ndi kupha tizilombo ta ziphuphu, komanso amachepetsa mphamvu ya maselo amene akupanga utoto wakuda mopyola muyezo, osayeretsa khungu lonse. Amalowa m'magazi pafupifupi 4 peresenti yokha, ndipo ndi chinthu chimene thupi lili nacho kale.

Kadzoledwe kake ndiye kamene anthu amalakwitsa. Sambani ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wofatsa wopanda fungo, mupukute, mudikire mphindi khumi kuti nkhope iume bwinobwino. Pankhope yonyowa amaluma kwambiri. Finyani kuyambira kunsonga ya chala cholozera mpaka pamfundo yoyamba, chimene chili pafupifupi theka la galamu, ndipo chikwane nkhope yonse. Musamadontheze pa chiphuphu chokha, popeza ntchito yake yaikulu ndi kutsekereza zimene zisanatuluke. Pamwamba pake pakani mafuta ofewetsa khungu. Masabata awiri oyamba dzolani usiku umodzi, wina kupumula. Sabata lachitatu ndi lachinayi, usiku uliwonse. Kuyambira lachisanu, ngati khungu lili phee, m'mawa ndi madzulo.

Kuyabwa kapena kunyerenyesa kwa mphindi 10 kapena 15 mukangodzola n'kwachibadwa, ndipo kumachepa pakapita masabata angapo. Koma mukadzuka m'mawa nkhope ikuwotchabe, ikufunduka m'mbali mwa mphuno ndi pakamwa, kapena madzi enieni akuluma, mwapyola. Siyani masiku atatu kapena anayi, muzingodzola zofewetsa, kenako mubwerere pa mlingo umene khungu linkaupirira. Apa musaumirire. Khungu lakuda likapsa limayankha ndi kuwonjezera utoto, ndiye mayi wofulumira amachotsa ziphuphu n'kutsala ndi mawanga oposa amene anali nawo. N'chifukwa chomwecho tikuti kufinya ziphuphu ndi kukhula nkhope ndi zokhakhala mulekeretu.

Ziphuphu zimayamba kuchepa pa masabata anayi mpaka asanu ndi atatu, mawanga amafuna miyezi itatu kapena kuposa. Mukafika sabata lachisanu ndi chitatu zofiira ndi zamafinya zikadalipo, onjezani benzoyilo perokisayidi wa 2.5 kapena 5 peresenti m'mawa, azelayiki atsale wa madzulo. Wosambira ndi wofatsa kuposa wodzola: mumusiye pankhope mphindi ziwiri n'kutsuka. Wa 10 peresenti amangowonjezera kuuma. Amasulutsa nsalu, choncho pukutirani thawulo loyera. Dokotala atha kuwonjezera kilindamayisini wodzola wa 1 peresenti, amene amayenda limodzi ndi benzoyilo kuti tizilombo tisamuzolowere. Asidi wa salisiliki wosapyola 2 peresenti pankhope pokha alibe vuto, koma wamphamvu wofundulira khungu adikire. Ziphuphu zazikulu zowawa za pansi pa khungu sizimva zodzola. Zimenezo pitani nazo kuchipatala, kuli mapiritsi oyenera woyembekezera.

Kuda kwa masayako, ngati kuli mbali zonse ziwiri mofanana, mwinanso pamphumi ndi pamwamba pa mlomo, ndi melazima, osati zipsera. Mahomoni a pakati amadzutsa maselo a utoto, dzuwa n'kumalizitsa ntchito. Popanda kudziteteza ku dzuwa, azelayiki mukungomutaya. Pezani mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 30 kapena kuposa, okhala ndi zinki okusayidi kapena titaniyamu dayokisayidi. Abwino kwambiri ndi amene ali ndi mtundu wa khungu, chifukwa ayironi okusayidi amene ali m'menemo amatchinga kuwala kooneka ndi maso, komwe kumadetsa khungu lakuda, ndipo sasiya nkhope ili mbuu. Muyezo wake ndi mizere iwiri yotalika ngati zala ziwiri pa nkhope ndi khosi, kubwereza maola awiri aliwonse mukakhala panja, ndi chipewa chachikulu. Zodzola za nayasinamayidi wa 4 kapena 5 peresenti ndi za vitamini C mutha kuwonjezera, chimodzichimodzi, motalikitsa masabata awiri kuti chikakulumani mudziwe cholakwa. Musayembekezere kuti melazima athe muli ndi pakati. Cholinga pano ndi chakuti asakule, ndipo kwa amayi ambiri amazilala yekha m'chaka choyamba atachira.

Poyamwitsa zodzola zonse tavomerezazi mupitirize. Chosintha n'chakuti tsopano mwana akukhudza khungu lanu: musadzole pamawere kapena pachifuwa, sambani m'manja mukadzola, ndipo dzolani mukangomaliza kuyamwitsa kuti mankhwala aume tsaya lanu lisanagundane ndi lake. Isotiretinoyini ndi mafuta oyeretsa khungu akhalebe kutali, hayidirokwinoninso adikire mpaka mwana atasiya bere. Adapalini madokotala ambiri amalola kumuyambiranso pankhope pokha, usiku, koma mufunse kaye, ndipo pokhapokha mukulera, poti pakati pena patha kubwera msambo usanayambirenso. Posankha njira yolerera mutchule za melazimayo, chifukwa mapiritsi okhala ndi esitirojeni amatha kumudzutsanso.