Amuna anga amagwira ntchito yaulere, ine ndiye ndikulipira

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa mwana mmodzi, timakhala ku Mchini ndipo ndimagulitsa tomato ku Kapata. Amuna anga anamaliza giredi 12 ndipo mtima wawo uli pa unesi. Chaka chatha analowa uvolontiya pa kiliniki ina kuti aone ngati ntchitoyo angaithe, mpaka lero adakapitabe. Amafoletsa odwala, kufunafuna makadi ndi kusesa. Salandira kalikonse. Tsiku lililonse ndimawapatsa K20 ya njinga kuchoka pa mpamba wanga. Akulu a pakilinikipo amangoti boma likadzayamba kulemba anthu adzawakumbukira. Ndikadandaula akuti sindiwafunira zabwino. Amayi akuti ndikatule nkhaniyi kwa ankhoswe. Ndichite bwanji?

Mayi wotopa, Chipata

Mwana wanga,

Ankhoswe tayamba wawasiya, nkhaniyi ndi ya pensulo ndi pepala. K20 pa masiku 22 ogwira ntchito ndi K440 pamwezi, pachaka ipitirira K5,000. Ntchito imene bambowo akuitcha yaulere ili ndi woilipira, ndiwe.

Kuyamba kwawo kunali kwanzeru. Unesi ndi maphunziro a zaka zitatu, ndipo mabanja ena amagulitsa ng'ombe kuti mwana akalowe kukoleji, iye n'kukazindikira ali m'wodi kuti fungo la bala ndi ntchito ya usiku sangazipirire. Kuyesa kaye n'kotchipa. Koma funso loti "kodi ntchitoyi ndingaithe?" limayankhika m'miyezi itatu. Ngakhale lamulo la ntchito la 2019 limapatsa bwana miyezi itatu yoyesera munthu amene wamulemba, ikachuluka isanu ndi umodzi, ndipo woyesedwayo amalandira malipiro. Lamulolo silinena za mavolontiya, koma muyeso wake ubwereke. Chaka chathunthu si kuyesanso ayi.

Chimene chikundivuta kwambiri ndi ntchito imene akugwirayo. Kusesa ndi kufoletsa anthu sikuonetsa munthu unesi. Volontiya wopanda mapepala saloledwa kubaya jekeseni kapena kupereka mankhwala, ndipo akauzidwa kutero akane, poti zikalakwika mlandu udzamugwera. Koma angapemphe kuima pambali pamene nesi akutsuka bala, wodwala atavomera, kuthandiza pa sikelo ya ana, ndi kucheza ndi manesi za mashifiti ausiku ndiponso zaka zimene anakhala pakhomo asanalembedwe. Madzulo ano uwafunse modekha kuti mwezi uno aona chiyani chimene mwezi watha sanachione. Akasowa yankho, ndiye kuti kuphunzira kunatha kale, atsala ndi kutseka mpata wa munthu amene akanalipidwa.

Tsono za lonjezo lija. Mkulu wa pakiliniki salemba anthu ntchito ya boma, angakhale ndi mtima wabwino chotani. Mu 2022 boma linalemba azaumoyo opitirira 11,000, koma pa malo a unesi pankafunika satifiketi ya kukoleji ndi laisensi ya Nursing and Midwifery Council of Zambia. Amuna ako alibe zonse ziwiri. Angasese mpaka imvi, dzina lawo silingalowe pa mndandanda wa manesi. Chimene mkuluyo angathe kuwapatsa ndi kalata ya chidindo yonena tsiku limene anayamba, ntchito zimene agwira ndi khalidwe lawo. Aipemphe sabata ino, chifukwa akuluakulu amasamutsidwa, ndipo wobwera m'malo mwake sadzawadziwa.

M'kalata yako sunanene za zotsatira zawo za giredi 12, pamene nkhani yagona pomwepo. Makoleji a unesi amafuna makirediti asanu, kuphatikizapo Chingerezi, masamu ndi sayansi. Ngati masamu anagwa, ndalama ya njinga ija ipite ku kulembanso mayeso a GCE. Ngati makirediti ndi okwana, iyambe kusungidwa ya mafomu ndi fizi.

Pokamba nawo usayambe ndi mawu akuti "siyani", mwamuna wosowa ntchito amamva ngati wamuvula pagulu. Unene kuti, "Bambo a mwana, unesi ndikuufuna nanenso, tiyeni tiwerengere limodzi." Mugwirizane tsiku lomaliza, lisapitirire miyezi iwiri kuchoka lero. Kufikira tsikulo azipita kukiliniki masiku awiri pa sabata, zimene zitsitsa ya njinga kufika pa K160 kapena K180 pamwezi. Masiku enawo akapikule tomato m'mamawa iwe uli ndi mwana, kapena agwire ganyu. Mulembe zimenezi m'kope, aliyense aone.

Tsikulo likakwana, kalata ili m'manja, iwo n'kumakakamirabe K20 ya pa mpamba wako popanda fomu ya koleji kapena ya mayeso, pamenepo ndiye uitane ankhoswe, ndipo kopelo upite nalo.

Azakhali